Ziro wa kutsogolo akamasowa mu Excel, nambala ina nkumaoneka 2.65999E+11

Mwatayipa 0999000111 mu Excel, mwadina Enter, pakutuluka 999000111, ziro wapita. Mwati mwina ndiyambe ndi 265 monga amafunira a kubanki, mwatayipa 265999000111, nde pakubwera chinthu chachilendo, 2.65999E+11. Kompyuta siyinaonongeke ndipo si vairasi ayi, Excel imapanga dala zimenezi, komanso Google Sheets ndi LibreOffice amachotsanso ziro chimodzimodzi. Manambala onse amene ndilembe munowa ndi ongopeka, musawaimbire.

Chimene chikuchitika nchoti Excel ikaona mwalemba manambala okhaokha mu selo, imaganiza kuti mukuwerengera zinthu. Pa sikelo yoyezera tiyi mlembi akalemba makilo 007 kapena makilo 7, tsamba ndi lomwelo, ndalama ndi yomweyo, nde kwa Excel ziro wa kutsogolo ndi chinyalala chongodzaza malo, imamutaya. Koma nambala ya foni si makilo. Palibe amene amaphatikiza nambala ya Airtel ndi ya TNM kuti apeze totala. Nambala ya foni, khodi ya mlimi, nambala ya akaunti, nambala ya mita, zonsezi ndi mayina olembedwa ndi manambala, ndipo Excel iyenera kuuzidwa zimenezi musanalembe, osati mutalemba kale. Funso lodzifunsa ndi limodzi basi, kodi kolamu imeneyi ndidzaiphatikiza kapena kuichulukitsa tsiku lina? Ngati ayi, ikhale Text.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Mwapatsidwa mndandanda wa alimi a tiyi 240 a kalabu ina chakuno ku Mulanje, ena a cha ku Chitakale, ena a ku Limbuli, ena mpaka ku Muloza, oti alandire ndalama za tsamba pa Airtel Money kapena Mpamba. Kolamu A muli khodi ya mlimi ya manambala 5, monga 00417. B muli dzina, C foni, D makilo, E ndalama. Mzere woyamba ndi mitu, nde alimi akuyambira mzere 2 kulekeza 241.

Ngati simunayambe kulemba, apa mpophweka

Dinani chilembo C pamwamba penipeni kuti kolamu yonse isankhidwe, osangosankha maselo angapo amene mukuwaona. Kenako Ctrl+1, patsegulika kawindo ka Format Cells, pa Number sankhani Text, dinani OK. Kapena pa Home pali kabokosi kolembedwa General, tsitsani mpaka pansi penipeni mupeza Text. Pangani zomwezo pa kolamu A. Kolamu D ndi E musazikhudze, amenewo ndi manambala enieni, akufunika kuphatikizidwa.

Tsopano tayipani 0999000111. Ziro wakhala. Muona zinthu ziwiri, nambala yakhala kumanzere kwa selo ngati mawu m'malo mwa kumanja, komanso pakona ya kumwamba pabwera kachizindikiro kobiriwira kamakona atatu. Kameneka ndi kamene kamapusitsa anthu ambiri. Mukadinapo pamalembedwa Number Stored as Text ndipo pansi pake pali Convert to Number, nde munthu amene amakonda zinthu zaukhondo amasankha maselo onse nkudina pamenepo kuti zobiriwirazo zichoke, pompo maziro onse 240 apita kamodzi. Ngati zobiriwirazo zikukunyansani sankhani Ignore Error, kapena ingozisiyani, sizituluka pa pepala mukapulinta.

Mukafuna kulemba nambala imodzi kapena ziwiri mwachangu, yambani ndi kachizindikiro kaja timaika pa mawu oti ng'ombe, chonchi:

```
'0999000111
```

Sikaoneka mu selo, sikawerengedwa ngati mbali ya nambala, kamangouza Excel kuti ichi ndi mawu. Pa foni iyi ndi njira yabwino kuposa kusakasaka mamenyu pa sikirini yaing'ono. Koma pa anthu 240 ine sindingaidalire, penapake mutopa nkuiwala, nde pamakhala mndandanda wosakanikirana, ena mawu ena manambala, umene umavuta kukonza kuposa woonongeka wonse.

Manambala mukamakopa kuchokera pa WhatsApp, kumene atsogoleri a makalabu amakonda kutumizira, kolamu ikhale Text kaye, kenako pomata musangoti Ctrl+V, dinani kumanja kwa mawusi musankhe Match Destination Formatting kapena Paste Special kenako Text. Kumata wamba nthawi zina kumabwera ndi fomati ya komwe zachokera nkufufuta Text yanu ija. Mu Google Sheets ndi Format, Number, Plain text.

Fayilo yabwera itaonongeka kale

Izi ndi zimene zimachitika kawirikawiri, wina analemba kale, inu mwangolandira. Choyamba pangani kope ya fayiloyo, muzigwira ntchito pa kopeyo, yoyambayo isakhudzidwe. Chachiwiri dziwani kuti kusintha kolamu kukhala Text panopa sikubweza kalikonse. Ziro anatayidwa nthawi imene munthu uja anadina Enter, sanabisidwe penapake ayi, nde mukaika Text nambala ingosunthira kumanzere ili yoperewera yomweyo.

Musanakonze yezani kaye kuti matenda ndi otani. Mu kolamu yopanda kanthu, tinene G2, lembani izi nkukokera pansi mpaka 241:

```
=LEN(C2)
```

Fomula iyi imawerenga kuti mu selo muli zilembo zingati. Nambala ya foni ya m'manja ya kuno ili ndi manambala 10 ikayamba ndi ziro, monga 099, 098 kapena 088. Nde mukaona 10 ndiye kuti ili bwino, 9 ndiye ziro wathawa, 12 ndiye inalembedwa ndi 265 kutsogolo kapena ili ndi mipata iwiri, 13 mwina pali + kapena mipata pakati. Mukaona 8 kapena 11 popanda mipata, imeneyo si nkhani ya Excel, wolembayo anadumpha kapena kubwereza nambala, palibe fomula imene ingalote nambala yosowayo, muyenera kubwerera ku kaundula wa pepala kapena kufunsa mwiniwake. Ikani Filter pa mitu muone gulu lililonse palokha. Tinene pa alimi athu aja mwapeza 190 ali ndi 9, 38 ali ndi 12, 8 ali ndi 10, ndipo 4 ali ndi 8 kapena 11. Anayiwo apatuleni, apakeni utoto wachikasu, otsalawo tithana nawo.

Pakhoza kuchitika kuti mwalemba fomulayo koma m'malo motulutsa yankho ikungooneka yokha =LEN(C2) ngati mawu. Ndiye kuti kolamu G nayo ili pa Text, zimachitika makamaka mukalowetsa kolamu yatsopano pafupi ndi ya Text, imatengera. Bwezani G ikhale General, dinani F2 kenako Enter, iyamba kugwira.

Tsopano kukonza kwake. Manambala 9 omaliza ndi amene sasintha kaya munthu analemba ndi ziro, ndi 265 kapena wopanda chilichonse. Nde timangodula 9 omalizawo nkuika ziro patsogolo. Chotsani kaye kusefa kwa Filter kuti mizere yonse ioneke, kenako mu H2 lembani izi nkukokera pansi mpaka 241:

```
="0"&RIGHT(SUBSTITUTE(C2," ",""),9)
```

SUBSTITUTE ikuchotsa mipata ngati wina analemba 0999 000 111, RIGHT ikutenga 9 a kumapeto, & ikulumikiza ziro uja. 999000111 isanduka 0999000111, 265999000111 nayonso isanduka 0999000111, imene inali bwino kale ikhala chomwecho. Zotulukazo ndi mawu, nde ziro sathawanso. Ngati kumene mukutumiza akufuna zoyamba ndi 265, sinthani "0" akhale "265", zina zonse chimodzimodzi. Makompyuta ena amakana makoma mu fomula, amafuna chizindikiro cha ; m'malo mwake, ikakana yesani zimenezo.

Koma apa pali msampha wakuno kwathu umene munthu wa ku Lilongwe mwina sangauganizire. Anthu a m'malire, cha ku Muloza uko, ena ali ndi layini ya ku Mozambique, ndipo manambala a m'manja a kumeneko ndi 9, alibe ziro kutsogolo nkomwe, amayamba ndi 84 kapena 85 a Vodacom, 86 kapena 87 a Movitel. Khodi ya dziko lawo ndi 258, nde nayonso ikalembedwa yonse imakwana 12. Pa LEN iwoneka ngati yathu imene yataya ziro, fomula ija iipatsa ziro mosangalala nkupanga 086 chakuti chakuti, nambala yoti kulibe. Nde mukamaliza onani manambala atatu oyambirira:

```
=LEFT(H2,3)
```

Sefani kolamu imeneyi. Chilichonse chimene sichikuoneka ngati chiyambi cha Airtel kapena TNM chiyang'aneni ndi maso, mufunse mlimiyo nambala ya kuno.

Chatsala ndi kuchotsa fomula kuti patsale manambala okha, chifukwa H ikudalirabe C, mukafufuta C zonse zisanduka zopanda pake. Chotsani kusefa kuti mizere yonse ioneke, sankhani H2 mpaka H241, Ctrl+C. Onetsetsani kuti kolamu C mwaiika pa Text, dinani kumanja pa C2, Paste Special, Values, OK. Kenako fufutani G, H ndi zina zothandizira zija. Alimi anayi achikasu aja samalani, fomula yawapatsanso manambala ooneka bwino pamene ali olakwika, wa 11 yamudula, nde abwezeni mmene analili kuchokera mu fayilo yoyamba ija mpaka mutapeza zoona zake.

Makhodi a mu kolamu A ndi osavuta. 00417 inasanduka 417, 00009 inasanduka 9, nde maziro osowa si ofanana, fomula yake ndi iyi:

```
=TEXT(A2,"00000")
```

Maziro asanu mu fomulamo akutanthauza kuti yankho likwane manambala 5, poperewera idzazepo ziro. Izi zimagwira pokhapokha ngati mukudziwa motsimikiza kuti makhodi onse ndi otalika mofanana. Manambala a akaunti a kubanki musawayese chonchi mongoganiza, mabanki amasiyana katalikidwe, 4417 simungadziwe ngati inali 04417 kapena 0004417, funsani kaye.

Chifukwa china chokonzera makhodi ndi VLOOKUP. Mukafuna kutenga makilo kuchokera mu shiti ina pogwiritsa ntchito khodi, mbali imodzi pali 00417 ya mawu, mbali ina pali 417 ya nambala, itulutsa #N/A ngakhale mlimiyo alimo. Ndipo ngakhale zonse zitaoneka 417, imodzi ikakhala mawu ina nambala sizigwirizanabe. Mukakaika lembani =ISTEXT(A2) mbali zonse ziwiri, ziyenera kutulutsa TRUE zonse.

Pali njira ina imene anthu amaphunzitsana kwambiri, yopita pa Format Cells, Custom, nkulemba 0000000000. Mu selo ziro amaonekadi, pa pepala atulukanso. Koma dinani seloyo muyang'ane pamwamba pa mzere wa fomula, muona 999000111 yomwe ija, LEN ikutibe 9. Ziroyo ndi wongooneka, mkati mulibe. Ngati cholinga ndi kupulinta mndandanda wokamata pa bolodi ya kalabu, bola, palibe vuto. Koma ngati fayilo ikukalowetsedwa mu sisitimu yolipirira kapena yotumizira mauthenga, masisitimu ambiri amawerenga za mkatizo, nde ine njira imeneyi sindiikonda pa ntchito ya ndalama.

Nanga E+11 uja ndi chani

Ndi kalembedwe ka asayansi kofupikitsa manambala aatali. 2.65999E+11 ikutanthauza 2.65999 kuchulukitsa ndi 10 kakhumi ndi kamodzi, kapena kuti kusuntha kadontho malo 11 kupita kumanja. Selo ikakhala pa General, Excel imayamba kuonetsa chonchi nambala ikafika manambala 12. Nchifukwa chake 999000111 imaoneka bwino koma mukangoika 265 kutsogolo imasintha, 3 kuphatikiza 9 ndi 12 ndendende, tsoka lathu basi. Kukulitsa kolamu sikuthandiza pamenepa. Mukatayipa +265999000111 Excel imaona + ngati chizindikiro cha masamu, imachotsa + uja, zotsatira zake ndi zomwezo.

Nkhani yabwino ndi yoti apa nambala sinaonongeke, yangobisika. Dinani selo muyang'ane pa mzere wa fomula, 265999000111 ilipo yonse. Nchifukwa chake fomula ya RIGHT ija inagwira pa alimi 38 aja. Mukafuna kungoiona yonse, Ctrl+1, Number, Decimal places ikhale 0. Mukafuna isanduke mawu mpaka kalekale:

```
=TEXT(C2,"0")
```

Koma pali malire. Excel imasunga manambala 15 okha oyambirira a nambala iliyonse, kuyambira wa 16 kupita mtsogolo imawasandutsa maziro, ndipo sichenjeza. IMEI, nambala yozindikiritsa foni yeniyeniyo, ili ndi 15, nde iwoneka ya E+14 koma ili yonse, yapulumukira pakhoma. Khadi ya kubanki ili ndi 16, womaliza asanduka ziro, ndipo iyi ndi yoipa chifukwa munthu sungaizindikire msanga, imaoneka ngati yabwinobwino. Nambala yaitali ya kumsana kwa simu khadi ili ndi 19 kapena 20. Tokeni ya mayunitsi a magetsi ili ndi 20. Tinene mumasunga matokeni a ku ofesi kapena a nyumba za lendi mu Excel, mwatayipa

```
12345678901234567890
```

mu selo muona 1.23457E+19, ndipo pa mzere wa fomula muona 12345678901234500000. Asanu omalizawo apita, palibe fomati, palibe fomula, palibe katswiri wa ku Limbe amene angawabweze. Mubwerere ku uthenga wa pa foni kapena ku lisiti. Chizindikiro chake ndi chimenecho, mukaona manambala aatali onse mu kolamu akuthera ndi maziro, si mwangozi ayi. Nde pa zinthu zopitirira manambala 15, Text isanayambe ntchito si nkhani yokongoletsa, ndi njira yokhayo.

Palinso makhodi osakaniza zilembo ndi manambala amene mwatsoka ali ndi E pakati. Khodi ya thumba kapena ya vawucha ngati 24E10 Excel imaiwerenga ngati kalembedwe ka asayansi kaja, imaonetsa 2.40E+11. Pa makhodi 500 mwina awiri okha ndi amene angakhale chonchi, enawo ali bwino chifukwa ali ndi zilembo zina, nde simuona mpaka tsiku lina munthu atabwera kudzadandaula. Kubweza kwake nkovuta chifukwa 24E10 ndi 240E9 zimatulutsa nambala imodzi. Zangati 3-12 nazo zimasanduka deti, banja lake ndi lomweli, mankhwala akenso ndi omwewa.

CSV, pamene zambiri zimafera

Masisitimu ambiri, a kubanki, a ndalama za pa foni, mafomu otolera uthenga kumudzi, amatulutsa kapena kufuna fayilo yothera ndi .csv. Fayilo imeneyi ndi mawu chabe olekanitsidwa ndi makoma, siyisunga fomati iliyonse, ilibe zoti kolamu iyi ndi Text. Koma pa kompyuta imavala chizindikiro cha Excel, nde munthu amangodina kawiri, Excel imatsegula nkuyamba kuganiza yokha kuti ichi ndi nambala, nkuchotsa maziro, nkufupikitsa zazitali. Panthawiyi fayilo yeniyeniyo sinaonongeke, zimene mukuona pa sikirini zokha ndi zimene zasintha. Imaonongeka mukadina Save.

Ndipo apa pali chinthu choipa kwambiri. Poseva CSV, Excel imalemba zimene zikuoneka mu selo, osati za mkati. Ngati mu selo mukuoneka 2.65999E+11, mu fayilo mulembedwa 2.65999E+11 yomweyo. Wina akadzatsegula mawa apeza 265999000000. Nde E+11 uja ndinati savulazayu, akadutsa mu CSV amavulaza, manambala 6 omaliza apita, alimi ambiri amene nambala zawo zimayamba mofanana akhala ndi nambala imodzi yofanana. Mukalandira fayilo muone mafoni ambiri akuthera ndi 000000, musataye nthawi ndi mafomula, pemphani fayilo yoyambirira kwa amene anakutumizirani, kapena muitulutsenso mu sisitimu.

Katseguliridwe koyenera ndi aka. Musadine fayiloyo kawiri. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, From Text/CSV, sankhani fayilo. Pabwera kawindo koonetsa mmene zikhalire, musathamangire Load, dinani Transform Data. Dinani mutu wa kolamu ya mafoni, pa Data Type sankhani Text. Ikufunsani funso, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse, sankhani Replace current, osati Add new step. Add new step imayamba yasandutsa nambala kaye, ziro nkutayika, kenako nkusandutsa mawu zotsalazo. Replace current imabwerera ku zimene zili mu fayilo. Muona maziro abwerera pompo. Pangani chimodzimodzi pa kolamu ya makhodi, kenako Close & Load.

Amene muli ndi Excel yakale, yangati 2010 kapena 2013, pa Data pali From Text, imakuyendetsani masitepe atatu. Loyamba Delimited, lachiwiri chongani Comma, lachitatu dinani kolamu ya mafoni m'munsimo nkusankha Text pa Column data format, kolamu iliyonse payokha, kenako Finish. LibreOffice pa nkhani iyi ndimaiyamikira, imafunsa yokha nthawi zonse mukamatsegula CSV, mumangodina kolamu nkusintha Column type ikhale Text. Mu Google Sheets pitani File, Import, nkuchotsa chongi pa Convert text to numbers, dates, and formulas.

Ngati muli ndi Microsoft 365, kuyambira 2023 anaikamo pozimitsira khalidwe limeneli. File, Options, Data, pansi pa Automatic Data Conversion, chotsani chongi pa mzere wonena zochotsa maziro a kutsogolo, wonena za manambala 15, ndi wonena za chilembo E. Zimathandiza, koma ndi za kompyuta yanu yokhayo, siziyenda ndi fayilo, nde mnzanu wa ku Luchenza akatsegula CSV yomweyo pa laputopu yake zichitikabe.

Potumiza, ngati mukutumizira munthu, tumizani .xlsx, imasunga Text yanu. CSV ipangeni pomaliza penipeni, pamene sisitimu yaifuna, kuchokera ku .xlsx yokonzakonza ija, File, Save As, CSV. Ndiye musaitsegulenso ndi Excel kuti muone ngati zili bwino, chifukwa ikuonetsani maziro atathawa pamene mu fayilo alimo, mudzayamba kukonza chinthu chabwinobwino nkuchiononga. Dinani kumanja pa fayiloyo, Open with, Notepad. Notepad siganiza, imangoonetsa zimene zilimo. Mzere wabwino uoneke chonchi:

```
00417,Mlimi Woyamba,0999000111,312,46800
```

Mukaona 417 kapena 999000111 kapena E+11 mu Notepad, ndiye kuti vuto lili mu fayilo zenizeni, bwererani ku .xlsx.

Musanatumize ndalama, pa .xlsx ija pangani mayeso awiri omaliza. Loyamba liwerenga mafoni amene sakukwana 10:

```
=SUMPRODUCT(--(LEN(C2:C241)<>10))
```

Pa mndandanda wathu uja liyenera kutulutsa 4 ngati achikasu aja simunawapeze, 0 ngati mwawakonza. Lachiwiri ndi =COUNT(C2:C241), imene imawerenga maselo okhala ndi manambala enieni okha, nde pa kolamu ya mafoni yankho lizikhala 0. Ikatulutsa 3 ndiye kuti atatu akadali manambala, afufuzeni ndi ISTEXT. Kenako tengani kaundula wa pepala musankhe alimi khumi mwachisawawa, ena kumayambiriro, ena pakati, ena kumapeto, mufananize nambala ndi nambala, chifukwa mayeso awiriwa amaona katalikidwe ndi mtundu basi, sangadziwe ngati wolemba anatembenuza 61 kukhala 16.